Kodi fikisidi dipoziti ikukupindulirani? Mmene mungawerengere mutachotsa msonkho ndi kukwera mitengo

Alamu anga amayendetsa thiraki kuchokera ku City Deep, ndipo amakhala ku Rosettenville. Atagulitsa galimoto yawo n'kuphatikiza ndi ndalama zomwe akhala akusunga kwa zaka zisanu ndi zinayi kuno ku Joni, m'manja mwawo munali R400,000. Lamlungu lina masana anabwera kwathu ndi timapepala titatu ta kumabanki tonena za fikisidi dipoziti, akaunti yotsekeramo ndalama kwa nthawi yoikika, atatipinda m'chikwama cha pasipoti. Anatiyala patebulo, chala n'kuloza pomwe panalembedwa 10%.

"Alamu, apa si pabwino apa? Ndikangotsekera pamenepa basi, ndizigona tulo."

Tinakhala pa tebulopo mpaka tiyi anazizira. Zomwe tinachita tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba pano, mwatsatanetsatane, kuti nanunso mukachite ndi ndalama zanu. Nambala yomwe banki imalemba pa chikwangwani iyenera kupetedwa kawiri musanaitche phindu lanu. Ziwongoladzanja zomwe nditchule ndi za pa mapepala omwe tinali nawo, zanu zidzasiyana, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Mufunika kakyuleta ya pa foni, pepala la malipiro anu, ndi sitetimenti ya akaunti iliyonse yomwe muli nayo.

Poyambira: mabanki onse ayankhule chinenero chimodzi

Mabanki satchula chiwongoladzanja mofanana. Pa pepala kapena pa foni mudzaona mawu awa: `nominal rate`, `effective rate`, komanso `interest at maturity` kapena `yield on expiry`. Musanayerekeze banki ina ndi inzake, manambala onse muwasandutse akhale phindu lenileni la chaka chimodzi, lomwe ndi `effective rate`.

Pepala loyamba linati 8% pa miyezi 12, chiwongoladzanja chonse kulandira kumapeto. Limeneli silivuta. R400,000 kuchulukitsa ndi 0.08 ndi R32,000, ndipo phindu la chaka ndi 8% yomweyo.

Lachiwiri linati 7.75% `nominal`, chiwongoladzanja chiziwonjezedwa pa ndalama zanu mwezi ndi mwezi. Alamu anali atalikankhira kale pambali poona kuti nambala ndi yaying'ono. Koma chiwongoladzanja cha mwezi woyamba chikalowa m'thumba lomwelo, mwezi wachiwiri nachonso chimabereka. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
(1 + 0.0775 / 12) ^ 12 - 1 = 0.0803
```

Pa kompyuta mukhoza kungolemba `=EFFECT(0.0775,12)`. Yankho ndi 8.03%, kapena kuti R32,125 pa chaka. Pepala lomwe linkaoneka lotsika linali loposa loyamba lija ndi R125. Koma dziwani kuti izi zimatheka pokhapokha mukasiya chiwongoladzanjacho momwemo. Mukamauza banki kuti izikutumizirani mwezi uliwonse kuti muzigulira ndiwo, mwalandira 7.75% basi.

Lachitatu ndi lija la 10%. Titawerenga timalemba tating'ono pansi pake, tinapeza kuti ndi la zaka zisanu, ndipo 10% imeneyo amaiwerengera pa R400,000 yoyambirira yokha chaka chilichonse, osaonjezerapo zomwe zabadwa. Ndiye kuti R40,000 kasanu, R200,000, ndipo pakutha pa zaka zisanu mulandira R600,000. Kuti mudziwe phindu la chaka chimodzi, gawani ndalama yomaliza ndi yoyamba, kenako mupeze muzu wa zaka zomwe mwatsekera:

```
(600000 / 400000) ^ (1 / 5) - 1 = 0.0845
```

Choncho 10% ija ndi 8.45% pa chaka. Banki siinaname, yangosankha nambala yokoma kuimva. Kusiyana kwa 8.45% ndi 8% n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanga ndalama zaka zisanu osazikhudza, makamaka kwa munthu yemwe pemiti yake imatha pakapita zaka zowerengeka, komanso yemwe ali ndi maziko a nyumba akudikira kumudzi. Alamu anasankha kuti tiwerengere pepala loyamba, popeza kubanki imeneyo anali kale ndi akaunti. Kuyambira pano tiyenda ndi R32,000.

Kupeta koyamba: msonkho

Ambiri mwa ife timaganiza kuti banki ikalipira chiwongoladzanja ndiye kuti yadula kale msonkho, monga zimakhalira pa malipiro. Kuno sizili choncho. Kwa munthu yemwe malamulo a msonkho amamuwerengera ngati wokhala m'dziko muno, banki imapereka chiwongoladzanja chathunthu, kenako imatumiza lipoti ku SARS, bungwe la boma lotolera msonkho, inu n'kukupatsani chikalata chotchedwa IT3(b). Msonkho umadzatulukira nthawi yolemba mafomu a chaka. Ena amangodabwa kuti chaka chino SARS ikufuna ndalama m'malo mowabwezera monga inkachitira, osadziwa kuti gwero lake ndi fikisidi ija. Ndipo chomwe SARS imayang'ana si mtundu wa pasipoti yanu, koma komwe mumakhala ndi komwe ndalamayo yabadwira.

Chabwino chake n'chakuti pali gawo lomwe silidulidwa msonkho. Munthu wosakwana zaka 65 salipira kanthu pa R23,800 yoyamba ya chiwongoladzanja chochokera m'dziko muno pa chaka. Wa zaka 65 kapena kuposerapo malire ake ndi R34,500. Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale.

Apa mpamene anthu amalakwitsa kawiri. Koyamba, amayesa kuti R23,800 ndi ya akaunti iliyonse payokha kapena banki iliyonse payokha. Ayi, ndi ya munthu mmodzi, maakaunti onse pamodzi. Ndinawafunsa alamu ngati ali ndi akaunti ina yomwe imabereka. Anatsegula foni, ndipo tinapeza kuti akaunti yawo yosungira ya masiku onse imawapatsa pafupifupi R1,800 pa chaka. Ndiye kuti malo omwe atsala opanda msonkho ndi R23,800 kuchotsa R1,800, yomwe ndi R22,000. Pa R32,000 ya fikisidi, R10,000 ndiyo ikhomeredwe msonkho.

Kulakwitsa kwachiwiri kuli pa mlingo wa msonkho. Chiwongoladzanja chotsalacho chimasanjikidwa pamwamba pa malipiro anu, motero chimadulidwa pa mlingo wa randi yanu yomaliza, osati pa avereji. M'chaka cha msonkho cha 2025/26, ndalama zofika R237,100 pa chaka zinali pa 18%, kuchokera pamenepo mpaka R370,500 zinali pa 26%, ndipo kupitirira apo mpaka R512,800 zinali pa 31%, mpaka kukafika 45% kwa olandira zambiri. Malire amenewa amatha kusintha ndi bajeti ya boma, choncho onani a chaka chanu pa tsamba la SARS. Alamu amalandira R28,000 pa mwezi asanadule kalikonse, R336,000 pa chaka. Tikaonjezera R10,000 tifika R346,000, akadali m'gawo la 26%. Nanunso onetsetsani zimenezi, chifukwa nthawi zina chiwongoladzanja chimakukankhirani m'gawo lapamwamba, ndipo kagawo komwe kadumpha malireko kamadulidwa pa mlingo watsopanowo.

```
msonkho   = 10000 x 0.26   = 2600
chotsala  = 32000 - 2600   = 29400
peresenti = 29400 / 400000 = 7.35%
```

Eyiti peresenti ija yasanduka 7.35%.

Mwina mukuti, ine ndilibe R400,000, ndili ndi R60,000 yokha. Pamenepo R60,000 pa 8% ndi R4,800, yomwe ili kutali ndi R23,800, ndipo msonkho wanu ndi ziro. Ambiri mwa ife tili m'gulu limeneli, ndipo ndikunena izi kuti musaope fikisidi chifukwa cha SARS pomwe SARS ilibe nanu kanthu. Dumphani gawo lino mupite lotsatira, lomwe limakhudza wina aliyense.

Kwa otsekera zaka zingapo: kulandira zonse kumapeto sikutanthauza kuti msonkho nawo udikira kumapeto. Chiwongoladzanja chimawerengedwa kuti chikubadwa chaka ndi chaka, ndipo chimaoneka pa IT3(b) ya chaka chilichonse. Mukhoza kupezeka mukufunidwa msonkho pa ndalama yomwe simunaigwire m'manja, choncho siyani kangachepe panja kolipirira.

Kupeta kwachiwiri: mitengo ya zinthu

Alamu ataona 7.35% anati, "Basi sizoipa." Ndinawafunsa kuti thumba la ufa la makilogalamu 12.5 ankagula zingati atangofika ku Joni, nanga lero akugula zingati. Anaseka, n'kupukusa mutu. Apa ndiye pagona nkhani. R429,400 yomwe adzakhale nayo chaka chamawa, R400,000 kuphatikiza R29,400 yotsala ija, sidzagula zomwe R429,400 ikugula lero.

Bungwe la Stats SA limalengeza mwezi uliwonse mlingo wa kukwera mitengo, womwe umalembedwa kuti CPI. Avereji ya 2022 inali 6.9%, ndipo mu Julayi chaka chimenecho inafika 7.8%. Mu 2023 inali 6.0%, mu 2024 inatsikira pa 4.4%. Kwa zaka zambiri banki yaikulu ya dziko lino inkafuna kuti mitengo izikwera pakati pa 3% ndi 6%, ndipo mu Novembala 2025 boma linalengeza chandamale chatsopano cha 3%.

Vuto n'lakuti manambala onsewa ndi a m'mbuyo, pomwe fikisidi yanu ikupita kutsogolo. Palibe amene angakuuzeni CPI ya chaka chamawa. N'chifukwa chake ine sindiwerengera nambala imodzi. Ndimatenga zitatu: chaka chabwino, chaka chapakati, ndi chaka choipa chomwe tinachionapo kale ndi maso. Tinatenga 3%, 4.4% ndi 6.9%.

Njira yachidule ndi kungochotsa, 7.35 kuchotsa 4.4, yankho 2.95. Pa manambala aang'ono ngati amenewa siisocheretsa kwambiri. Koma zolowerani njira yolondola, yogawa, chifukwa mudzaifuna tikafika pa kwacha:

```
(1 + 0.0735) / (1 + 0.044) - 1 = 0.0283
```

Phindu lenileni ndi 2.83%. Ndimakonda kuliona m'marandi, chifukwa peresenti siikhudza mtima. Gawani R429,400 ndi 1.044, mupeza R411,303. Tanthauzo lake n'lakuti pakutha pa chaka alamu adzatha kugula katundu yemwe lero ndi wa R411,303. Pa R32,000 yomwe banki inalonjeza, R2,600 yapita ku msonkho, pafupifupi R18,100 yangokwirira dzenje lomwe mitengo yakumba, ndipo chomwe chawalemeretsadi ndi R11,303.

Chaka chikakhala chabwino, mitengo n'kukwera ndi 3% yokha, R429,400 kugawa ndi 1.03 ndi R416,893, phindu lenileni R16,893. Chikakhala ngati 2022, kugawa ndi 1.069 kumapereka R401,684. Chaka chathunthu ndalama zili m'ndende, phindu R1,684. Taonaninso kuti SARS imadula pa chiwongoladzanja chonse cholembedwa, siichotsera kuti mitengo yakwera. M'chaka choipa chija msonkho wa R2,600 ukuposa phindu lenileni lomwe latsala kwa mwini ndalama.

CPI ndi avereji ya dziko lonse, ndipo dengu lanu si la dziko lonse. Ngati ndalama zanu zambiri zimathera pa lendi, magetsi, thiransipoti ndi chakudya, tengani malisiti kapena sitetimenti ya chaka chatha muone mmene zinthu zinayi zimenezi zakwerera. Zikaposa CPI, gwiritsani ntchito nambala yanuyo.

Ndalama zanu zili m'magawo awiri

Apa mpomwe ndinafuna kuti alamu amvetse bwino, chifukwa mpomwe pamatuluka chochita. 7.35% ija ndi avereji, ndipo ikubisa kanthu. R400,000 yawo siikubereka mofanana yonse.

Gawani malo opanda msonkho omwe atsala ndi chiwongoladzanja cha banki: R22,000 kugawa ndi 0.08 ndi R275,000. Ndiye kuti R275,000 yoyamba ikubereka 8% yathunthu, SARS osakhudzako. R125,000 yapamwamba ndiyo ikubereka R10,000 yodulidwa ija, ndipo pa randi iliyonse SARS ikutengapo masenti 26. Phindu la gawo limeneli ndi 8 kuchulukitsa ndi 0.74, yomwe ndi 5.92%. Mitengo ikakwera ndi 4.4%, chotsala ndi 1.46% yokha. Ikakwera ndi 6.9%, gawo limeneli likuonda.

Choncho funso si lakuti fikisidi ndi yabwino kapena yoipa. Kwa R275,000 yapansi ndi yabwino ndithu. Funso ndi lakuti R125,000 yapamwambayi ili ndi kwina komwe ingapeze zoposa 5.92% popanda kuiika pa ngozi. Poyerekeza njira zina, nambala yoti muziyerekeza nayo ndi imeneyi, osati 8%.

Kuyerekeza ndi njira zina

Ndinayamba ndi funso lomwe anthu sakonda: "Alamu, muli ndi ngongole?" Anazengereza pang'ono, kenako anavomera kuti pa khadi ya ngongole pali R45,000, chiwongoladzanja 21%, ndipo mwezi uliwonse amangolipira kochepa komwe banki imafuna, ngongole osasuntha. Ngongole ya R45,000 ikakhala choncho chaka chonse imadya R9,450. R45,000 yomweyo ikakhala pamwamba pa fikisidi imabereka R3,600, SARS n'kutengapo R936, kutsala R2,664. Kubwereka pa 21% uku ukubwereketsa banki pa 5.92% ndi kutunga madzi ndi dengu. Kubweza ngongole kuli ngati fikisidi ya 21% yopanda msonkho komanso yopanda chikaiko, ndipo palibe banki yomwe ingakupatseni zimenezo. N'chimodzimodzi ndi akaunti za zovala ndi mipando m'masitolo. Funsani kaye ndalama yotsekera ngongole yonse, chifukwa pa ngongole zina zazikulu pamakhala zofunika kudziwitsa banki pasadakhale.

Njira ina ndi akaunti yopanda msonkho, yomwe pa foni imalembedwa kuti `tax-free savings account`. Mu 2025/26 munthu ankaloledwa kuikamo R36,000 pa chaka, ndipo malire a moyo wonse ndi R500,000. Chomwe chabadwira m'menemo sichidulidwa msonkho ndipo sichidya malo a R23,800 aja. Alamu anapatsidwa 7.5%, yomwe ikuoneka yotsika poyerekeza ndi 8%, koma yerekezani ndi 5.92% muone. R36,000 pa 7.5% ndi R2,700 yonse yawo. Chenjezo lake ndi lalikulu: mukapyola malire, SARS imalipiritsa 40% ya ndalama yopyolayo, ndipo malirewo ndi a maakaunti onse a mtundu umenewu pamodzi. Komanso mukatapamo, malo a moyo wonse omwe munagwiritsa ntchito sabwerera. Si akaunti yoikamo lero n'kutapa pa Khirisimasi. Funsani kubanki ngati mapepala omwe muli nawo akukulolani kutsegula.

Pali mabondi a boma, momwe mumabwereketsa boma ndalama, otchedwa RSA Retail Savings Bonds, oyambira R1,000, ena a chiwongoladzanja chokhazikika a zaka 2, 3 ndi 5, ena otsatira CPI a zaka 3, 5 ndi 10. Otsatira CPI amayankha nkhawa ya mitengo mwachindunji, koma amafuna nambala ya chitupa cha dziko lino, motero ambiri a ife okhalira pemiti sitingagule. Alamu analibe, tinapitirira.

Pa R125,000 ija, titachotsa R45,000 ya khadi ndi R36,000 ya akaunti yopanda msonkho, panatsala R44,000. Imeneyi ndinawapempha kuti asaitsekere konse chaka chathunthu, aiike pa akaunti yodziwitsa banki masiku 32 musanatape, yomwe inkapereka 7%. Pa pepala ndi kuluza: R3,080 pa chaka, msonkho R801, kutsala R2,279. Koma tonse kuno timadziwa foni ya usiku yochokera kumudzi, ndipo timadziwa mtengo wonyamula maliro kuchoka ku Joni kudutsa Beitbridge mpaka Mwanza. Munthu wopanda ndalama yapafupi amathyola fikisidi. Mabanki ena amalipiritsa chindapusa chomwe chingadye chiwongoladzanja cha miyezi ingapo, ena amakana kumene pokhapokha pali vuto lalikulu lomwe mwapereka umboni wake. Musanasaine, funsani kuti: "Ndikafuna ndalamayi pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndilandira marandi angati?" Akuyankheni m'marandi, ndipo alembe. Masiku 32 nawonso ndi ambiri pa maliro, choncho akaunti ya masiku onse ija isakhale youma.

Tsopano tiphatikize. Njira yoyamba, zonse pa fikisidi, inkapereka R29,400. Njira yachiwiri: R22,000 kuchokera pa R275,000, kuonjezera R2,700, kuonjezera R2,279, kuonjezera R9,450 yomwe sipitanso ku khadi. Zonse pamodzi R36,429. Kusiyana ndi R7,029 pa chaka, ndalama yomweyo, munthu yemweyo, popanda kuika ndalama pa malonda aliwonse oopsa.

Za chipereganyu ndi masitokofela alamu anafunsanso. Chipereganyu chongozungulira sichibereka, mumalandira zomwe munasonkha, ndipo wolandira kumapeto mitengo yamudya. Ubwino wake ndi kukakamiza munthu kusunga. Magulu obwereketsana pa chiwongoladzanja amatchula manambala aakulu, koma kuti muyerekeze chilungamo funsani zomwe membala analandiradi pogawana chaka chatha atachotsa omwe sanabweze, osati zomwe zinalonjezedwa. Ndalama ya pa banki ili ndi chitetezo chomwe gulu lilibe. Kuyambira pa 1 Epulo 2024 bungwe la CODI limateteza mpaka R100,000 ya munthu mmodzi pa banki imodzi, bankiyo itagwa. Izi zikutanthauzanso kuti R275,000 pa banki imodzi ndi yotetezedwa pang'ono chabe. Banki yaing'ono ikamapereka chiwongoladzanja chokwera kuposa zinzake zonse, ikani kumeneko zosapyola malire amenewa mutaphatikiza ndi chiwongoladzanja chake, zina mugawe kwina.

Nanga ngati ndalamayo ikamangira nyumba kumudzi?

Zonse tawerengazi zikuganizira kuti ndalama idzagwiritsidwa ntchito kuno. Koma alamu, monga ambiri a ife, ndalama yawo ndi ya simenti ndi malata ku Nkhata Bay. Ngati ndi choncho, CPI ya Stats SA si muyeso wanu. Muyeso wanu ndi mtengo wa simenti kwanuko, komanso makwacha omwe randi imodzi ikukupatsani.

Ku Malawi mitengo inakwera ndi avereji yoposa 30% mu 2024. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022, ndi 44% mu Novembala 2023. Zinthu ziwirizi zimakokerana: mitengo ikakwera randi yanu imagula zochepa, kwacha ikagwa randi yanu imasintha makwacha ambiri. Chomwe chimavuta n'chakuti siziyendera limodzi. Pali miyezi yomwe mitengo imathamanga mtengo wosinthira uli chiimire, ndipo pali tsiku limodzi lomwe kwacha imagwa zonse n'kutembenuka.

```
(1 + phindu la randi) x (1 + kukwera kwa makwacha pa randi)
/ (1 + kukwera kwa mtengo wa katundu) - 1
```

Tiyerekeze kuti pa chaka randi yayamba kupereka makwacha ochuluka ndi 10%, koma zomangira zakwera ndi 30%. Tikatenga 7.35% ija, 1.0735 kuchulukitsa ndi 1.10, kugawa ndi 1.30, yankho ndi 0.908. Mwataya 9.2%. Matumba 100 omwe mukanagula chaka chatha, tsopano mugula 91, fikisidi itabereka kale. Koma makwacha pa randi atakwera ndi 30% mofanana ndi mitengo, mugula matumba 107. Apa mpomwe njira yongochotsa imasocheretsa, muyenera kugawa.

Simungalosere kwacha, koma mungathe kuyeza. Imbirani munthu wodalirika akuuzeni mtengo wa thumba la simenti lero, ndipo mupeze mtengo wa chaka chatha pa lisiti yakale kapena pa mauthenga akale a pa foni. Mtengo uliwonse muugawe ndi makwacha omwe munkalandiradi pa randi nthawi imeneyo, atadula kale zolipira potumiza, osati omwe amalembedwa m'nyuzipepala. Mukatero muli ndi mtengo wa simenti m'marandi wa zaka ziwiri. Ngati ukukwera mofulumira kuposa phindu lanu la fikisidi, kudikira kukukudyerani, ndipo ngati mmisiri ali wokonzeka, mangani. Malata ndi zitsulo zimasungika. Simenti siisungika, ikakhala miyezi yambiri imagwira chinyezi n'kuuma, choncho musagule yambiri poopa mitengo pomwe ntchito ili kutali.

Ena amati bwanji osatumiza n'kukatsekera ku banki ya kwathu, komwe chiwongoladzanja chimaoneka chachikulu. Ipeteni mofanana. Tiyerekeze akupatsani 15%. Kumeneko banki imadula msonkho wa 20% pa chiwongoladzanja isanakupatseni, kutsala 12%. Mitengo ikakwera ndi 30%, 1.12 kugawa ndi 1.30 ndi 0.862, mwataya pafupifupi 14%. Ndipo ndalama ikasanduka kwacha, kuibwezera ku randi si ntchito yophweka. Maganizo anga ndi akuti ndalama yomwe simukuigwiritsa ntchito msanga idikire m'marandi, ndipo iziwoloka malire pamene ili ndi ntchito yoti ikagwire sabata yomweyo.

Musanasaine

Yang'anani tsiku lomwe pasipoti ndi pemiti yanu zikutha, ndipo fikisidi ikhwime lisanafike. Mapepala akatha, banki ikhoza kuimitsa akaunti mpaka mutabweretsa atsopano, ndalama yanu n'kumaiona pa foni koma osaitapa. Funsaninso chomwe chidzachitike tsiku lokhwima mukapanda kunena kanthu. Pa mabanki ena ndalama imatsekeredwanso yokha kwa nthawi yofanana, pa chiwongoladzanja cha tsikulo, chomwe chingakhale chotsika. Zinandichitikirapo ndili paulendo wa kumudzi, ndipo ndalama ya fizi ya mwana ndinachita kubwereka kwina pomwe yanga ili mkati. Lembani malangizo a tsiku lokhwima pa fomu pomwepo.

Alamu anabweza ngongole ya pa khadi Lolemba lotsatira. R275,000 anaigawa patatu. R92,000 anaitsekera miyezi 12 kubanki yawo, R92,000 ina miyezi 12 kubanki ya 7.75% ija, kuti iliyonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake ikhale pafupi ndi malire a CODI. R91,000 yotsala anaitsekera miyezi isanu ndi umodzi yokha kubanki yachitatu, pa chiwongoladzanja chotsikirapo pang'ono, chifukwa titaimba foni ku Nkhata Bay n'kugawa mitengo ya malata ndi makwacha omwe ankalandira pa randi, tinapeza kuti m'marandi malata akukwera kuposa 8%. Mmisiri anati denga akhoza kuliyamba mvula ikangosiya, ndipo tsiku lokhwima la R91,000 tinaliika milungu iwiri nthawi imeneyo isanakwane.